Mmene ndinakonzera kiyibodi imodzi kuti izilemba Chingerezi ndi Chichewa chokhala ndi ŵ

Laputopu yanga ili ndi Windows 11 ndipo mabatani ake anasanjidwa mwa Chimereka, monga mmene alili malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene timagula m'mashopu. Pa Chingerezi kasanjidwe kameneka kamandikwanira, koma ntchito imene ndinapatsidwa yotaipanso zolemba zakale za Chichewa inafuna kuti chilembo cha ŵ chisungidwe paliponse pamene chinali, m'mawu monga maŵa, aŵiri ndi kudziŵa. Kukopera chilembocho pamalo ena n'kumachimata kumatheka pa kalata yaifupi, koma pa masamba ambiri kumadula maganizo a wolemba. Choncho ndinaganiza zoika kasanjidwe kachiwiri ka mabatani kuti ndizisintha ndi zala zokha popanda kugwira mausi.

Poyamba ndinayenera kusankha kasanjidwe koyenera, ndipo apa m'pamene ndinachedwa kwambiri. Pa mndandanda wa Windows pali kasanjidwe kotchedwa United States-International, kamene anthu ambiri amathamangira chifukwa sikasuntha zizindikiro pa mabatani a Chimereka. Kwa wolemba Chichewa kameneka n'kosathandiza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kadenga kake, komwe ndi kachizindikiro ka ^ kamene kamakhala pamwamba pa ŵ, kamangokwera pa a, e, i, o ndi u, moti mukakatsatiza ndi w mumangopeza ^w. Chachiwiri, chomwenso chimapweteka kwambiri, n'chakuti batani la apositirofe limasanduka batani lodikira, lomwe sililemba kanthu mpaka mutadina chilembo chotsatira, kenako limayesa kudziphatika ku chilembocho. Zotsatira zake n'zakuti ng'ombe imatuluka ngómbe, pang'ono amatuluka pangóno, ndipo n'chifukwa amatuluka nçhifukwa. M'chilankhulo chimene apositirofe imapezeka pafupifupi mu mzere uliwonse, kasanjidwe kotere sikangapirireke.

Kamene ndinasankha ndi United Kingdom Extended. Kanakonzedwa poganiziranso olemba chilankhulo cha ku Wales, chomwe chilinso ndi ŵ, ndipo ubwino wake kwa ife ndi wakuti apositirofe imalembeka nthawi yomweyo monga mwa masiku onse. Kuti ŵ atuluke, mumagwira batani la Alt la kudzanja lamanja, lomwe m'kasanjidwe kameneka limagwira ntchito ngati AltGr, batani lotulutsira zilembo zapadera, n'kudina 6 wa mu mzere wa pamwamba, kenako mumasiya mabatani onse awiri n'kudina w. Pa sikirini sipaoneka chilichonse mukadina 6, ndipo zimenezi siziyenera kukudetsani nkhawa, popeza kadengako kamakhala kakudikira chilembo choti kakwerepo. Chilembo chachikulu cha Ŵ chimabwera mwa njira yomweyo, kungoti pomaliza mumadina Shift pamodzi ndi w. Ngati laputopu ilibe Alt wa kumanja, kugwira Ctrl ndi Alt wa kumanzere pamodzi kumachita ntchito yomweyo.

Wina angafunse kuti bwanji osangokhala pa kasanjidwe ka Chingerezi cha ku Britain nthawi zonse, popeza zilembo zonse za Chingerezi zilimo. Amene kiyibodi yake inasindikizidwa mwa ku Britain angachitedi zimenezo, ndipo safunikira kusintha chilichonse. Koma pa mabatani a Chimereka zizindikiro zingapo zimasamuka. Shift ndi 2 amatulutsa " m'malo mwa @, ndipo @ amapita pa Shift ndi batani la apositirofe. Shift ndi 3 amatulutsa £ m'malo mwa #. Batani la pamwamba pa Enter, limene pali \ ndi |, limayamba kulemba # ndi ~, ndipo zizindikiro ziwiri zoyambazo zimasowa malo, chifukwa ku Britain zili pa batani lina loyandikana ndi Shift wa kumanzere, lomwe kiyibodi ya Chimereka ilibe. Polemba maimelo ndi kudzaza mafomu m'Chingerezi ndimafuna kuti chimene chalembedwa pa batani chikhale chimene chikutuluka, n'chifukwa chake ndinasunga masanjidwe onse awiri.

Kuika kasanjidwe katsopanoko sikunatenge nthawi. Ndinatsegula Settings, ndinalowa mu Time & language, kenako Language & region, ndipo pa chilankhulo chimene chinalipo kale cha English (United States) ndinadina timadontho titatu n'kusankha Language options. M'munsi mwa tsambalo muli batani la Add a keyboard, ndipo pa mndandanda umene umatseguka ndinasankha United Kingdom Extended. Pa Windows 10 njira yake ndi yofanana, kungoti tsambalo limatchedwa Language ndipo batani lake ndi Options. Ndinachita dala kuwonjezera kasanjidweka pansi pa chilankhulo chomwe chinalipo m'malo mowonjezera chilankhulo china. Kuwonjezera chilankhulo kumachititsa kompyuta kufuna kukoka mafayilo pa intaneti, zomwe zimadya bandulo popanda phindu pa ntchito iyi, komanso Word imakonda kusintha chilankhulo choonera masipelo potsatira chilankhulo cha kiyibodi. Nditamaliza, pakona ya kumanja m'munsi, pafupi ndi wotchi, panayamba kuoneka ENG US kapena ENG UKX malinga ndi kasanjidwe kamene kakugwira ntchito.

Mfundo imene ndikuona kuti ndi yofunika kuposa zonse ndi yakuti Windows ili ndi njira zitatu zachidule zosinthira, ndipo sizichita chinthu chimodzi. Batani la Windows pamodzi ndi Space limayenda pa masanjidwe onse amene munaika, posatengera kuti ali pansi pa chilankhulo chiti, ndipo mukapitiriza kugwira batani la Windows pamaoneka kabokosi kosonyeza kamene mwasankha. Alt wa kumanzere ndi Shift amasintha chilankhulo. Ctrl ndi Shift amasintha kasanjidwe m'kati mwa chilankhulo chimodzi. Mmene ndinakonzera ine, ndi masanjidwe awiri pansi pa chilankhulo chimodzi, Alt ndi Shift analibe chilankhulo china chopitako, pamene Ctrl ndi Shift ankasintha kasanjidwe. Munthu amene anangouzidwa kuti kiyibodi imasinthidwa ndi Alt ndi Shift akhoza kuganiza kuti kasanjidwe kake sikanalowe, chonsecho vuto ndi lakuti akudina mabatani a ntchito ina.

Ctrl ndi Shift ndi amene amabweretsa chisokonezo chosadziwika kochokera. Mabatani awiriwa amagwiritsidwanso ntchito posankha mawu athunthu pamodzi ndi mivi, ndiponso m'njira zachidule zambiri za mapulogalamu. Mukawagwira n'kudina batani lachitatu, kasanjidwe sikasintha. Koma mukawagwira n'kusintha maganizo, kenako n'kuwasiya osadina china, Windows imamva kuti mwapempha kasanjidwe kena, ndipo imasintha mwakachetechete. Popeza zilembo zonse kuyambira a mpaka z zili pa malo amodzimodzi m'masanjidwe awiriwa, mukhoza kulemba ndime zingapo osazindikira kanthu, mpaka pamene adiresi ya imelo ituluke ndi " pakati pomwe panayenera kukhala @.

Pa chifukwa chimenechi ndinazimitsa njira ziwirizo n'kutsala ndi imodzi. Mu Settings ndinalowa mu Time & language, kenako Typing, kenako Advanced keyboard settings, n'kudina Input language hot keys. Pa Windows 10 tsamba la Typing lili pansi pa Devices. Pamatseguka kabokosi ka maonekedwe akale kotchedwa Text Services and Input Languages, ndipo m'menemo ndinasankha mzere wa Between input languages n'kudina Change Key Sequence. Mumapezeka mizati iwiri, wina wa Switch Input Language ndi wina wa Switch Keyboard Layout, ndipo pa yonse iwiri ndinasankha Not Assigned n'kudina OK. Batani la Windows ndi Space silikhudzidwa ndi kabokosi kameneka, choncho linapitiriza kugwira ntchito. Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa ndi yovuta kuidina mwangozi, komanso imakuonetsani pa sikirini kuti kusintha kwachitika.

Pa tsamba lomwelo la Advanced keyboard settings pali zinthu zina ziwiri zoyenera kuziganizira. Pa Override for default input method ndinasankha kasanjidwe ka US kuti kompyuta ikayatsidwa iziyambira pa mabatani amene akugwirizana ndi zolembedwa pa kiyibodi. Kenako pali kabokosi kochonga kolembedwa Let me use a different input method for each app window. Kakachongedwa, windo lililonse limasunga kasanjidwe kake, moti Word ikhoza kukhala pa UKX pamene pulogalamu ya maimelo ili pa US, ndipo mukamadumpha pakati pa ziwirizi simufunika kusintha. Ine ndinakachonga, chifukwa Chichewa changa chimakhala m'pulogalamu imodzi ndipo Chingerezi chimakhala kwina. Amene amasakaniza zilankhulo ziwirizi m'chikalata chimodzi angachite bwino kukasiya kosachonga, kuti kasanjidwe kazikhala kamodzi paliponse ndipo azingokumbukira kusintha kumene anachita komaliza.

Kuti nditsimikize kuti zonse zakhazikika, ndinatsegula Notepad n'kuyesa chiganizo chimodzi chokhala ndi zovuta zonse. Ndili pa US ndinalemba adiresi ya imelo ndipo @ anatuluka pa Shift ndi 2. Ndinadina Windows ndi Space, pakona panaoneka ENG UKX, ndipo ndinalemba kuti ng'ombe ziŵiri zibwera maŵa. Apositirofe inakhala pa malo pake ndipo ŵ anatuluka kawiri konse. Zikalakwika pa kuyesa kotere, zotulukazo zimaloza pamene pali vuto. Ngati Alt wa kumanja ndi 6 sanachite kanthu ndipo w watuluka wopanda kadenga, kapena ndandanda ya pamwamba pa pulogalamu yatseguka, ndiye kuti mukadali pa US, pomwe batanilo ndi Alt wamba. Ngati pakona pakuoneka ENG UK yopanda X, ndiye kuti munasankha United Kingdom wamba, yemwe alibe kadenga kodikira, ndipo muyenera kubwerera pa Add a keyboard. Ngati patuluka ^ pambali pa chilembo, ndiye kuti pambuyo pa 6 mwadina chilembo chimene sichilandira kadenga. Mukakayikira kasanjidwe kamene muli ndipo simukufuna kuchotsa maso pa zolemba, Shift ndi 2 amakuuzani nthawi yomweyo.

Malo omaliza amene ndinayang'ana ndi tsamba lolowera pamene timalemba pasiwedi. Pasiwedi yokhala ndi @, # kapena " imakanidwa ngati kasanjidwe kasintha, ndipo popeza zilembo zimabisika ndi timadontho, munthu saona chimene chalakwika. Izi zimatheka makamaka mukakiya kompyuta mwachangu muli pa UKX. Pakona ya kumanja m'munsi mwa tsambalo pamaonekanso ENG US kapena ENG UKX, ndipo Windows ndi Space amagwira ntchito pamenepo monga mmene amachitira m'kati, choncho ndimayang'ana pakonapo ndisanalembe pasiwedi, makamaka pa kompyuta ya ku ofesi imene imatseka akaunti munthu akalakwitsa kangapo motsatizana.