Pepala la *nicht* limene landionongera sabata

Anzanga amene mumaphunzitsa Chijeremani, ngati kusukulu kwanu kukuyenda pepala lolembedwa kuti *nicht* amakhala kumapeto kwa chiganizo nthawi zonse, litoleni lisanafalikire. Ine landidyera masiku amene ndinayenera kukhala ndikukonzekeretsa ophunzira mayeso oyeserera.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse. Kalasi yanga ya A2, imene ambiri ndi anamwino ofuna kukagwira ntchito ku Jeremani, inali kubwereza nthawi yakale. Magetsi anazima pakati pa phunziro lomvetsera, ndiye ndinawerenga ndekha mbali zonse za zokambiranazo, dokotala ine, wodwala ine ndemwe. Mabuku akadali limodzi pa anthu atatu. Izi sindidandaulanso nazo.

Lachitatu m'mawa ndinapeza mipando yawonjezeka. Mphunzitsi wa kalasi ina anasiya ntchito chifukwa cha malipiro ochedwa, ndipo akuluakulu anangothira ophunzira ake m'kalasi mwanga osandiuza. Ophunzirawo anabwera ndi pepala lachidule la malamulo limene ofesi inawakonzera pamene analibe mphunzitsi. Ndinawapatsa ntchito yophweka: mwaiwala kumpatsa wodwala piritsi lake, lembani chiganizo chouza mnzanu amene akukulandirani ntchito. Pafupifupi onse obwerawo analemba kuti *Ich habe dem Patienten die Tablette gegeben nicht.* Nditafunsa, mayi wina anatulutsa pepalalo.

"Aphunzitsi, si mmene alembera apa? Ife tangotsatira."

Sananame. Ndipo lamulolo silinachoke m'mwamba. Pa ziganizo zambiri za mneni mmodzi limagwiradi: *Ich komme nicht. Ich kenne den Arzt nicht. Er arbeitet heute nicht.* Apa *nicht* amadutsa mneni, amadutsa *den Arzt*, amadutsa mawu a nthawi ngati *heute*, n'kukakhala kumapeto. Vuto n'lakuti Chijeremani chimakonda kudula mneni pawiri, chidutswa china pamalo achiwiri, china kumapeto kwenikweni, ndipo malo a kumapetowo ndi a chidutswacho basi. *Nicht* amaima patsogolo pake. N'chifukwa chake timati *Ich kann morgen nicht kommen*, timati *Ich rufe dich heute nicht an*, ndipo chiganizo cha piritsi chija chimakhala *Ich habe dem Patienten die Tablette nicht gegeben.* Ophunzira a A2 amakhalira ziganizo zotere tsiku lonse, ndiye lamulo la papepala lija limawasokeretsa pa ziganizo zimene amazifuna kwambiri.

Palinso mawu amene amamatirira kwa mneni ngati kuti ndi chidutswa chake, ndipo nawonso salola *nicht* kuwadutsa. Mfotokozi wotsatira *sein* ndi mmodzi: *Der Patient ist nicht müde.* Kumene munthu akupita ndi kwina: *Ich gehe heute nicht zur Arbeit.* Mawu onena mmene chinthu chikuchitikira nawonso: *Sie spricht nicht laut.* Ine ndimawauza ophunzira kuti ayambire kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo. Mupezeni amene akumalizitsa mneni, *nicht* akhale patsogolo pake. Mukapanda kumpeza, mpamene *nicht* amatsekera chiganizo.

Chimene chinandiopsa chinabwera pambuyo. Atamva kuti kumapeto n'kolakwa, ena anathawira mbali ina, n'kumuika *nicht* pompo pambuyo pa *habe*, motsatira Chingerezi chimene anaphunzirira unamwino. Mnyamata wina analemba pabolodi kuti *Ich habe nicht dem Patienten die Tablette gegeben.* Chiganizo chimenechi sicholakwika, ndipo pamenepo mpamene pali ngozi, chifukwa palibe amene angamuimitse kuti akonze. *Nicht* akaima patsogolo pa liwu linalake, kawirikawiri amakana liwu lokhalo. Mjeremani akamva chimenechi, makamaka mawu akatsindika pa *Patienten*, amamva kuti piritsi linaperekedwa ndithu, koma kwa munthu wina, ndipo amadikira kuti mumalize: *sondern seiner Frau*, koma kwa mkazi wake. Ife pa Chichewa kusiyanaku timakudziwa bwino. "Sindinampatse wodwala piritsi" ndi nkhani ina, "si wodwala amene ndinampatsa piritsi" ndi nkhani inanso. Kungoti kwathu kukana kumamatirira pa mneni, sitivutika ndi kukusakira malo, pamene Chijeremani chimasintha tanthauzo pongosuntha kaliwu kamodzi. Nditalemba ziganizo ziwiri za Chichewazo pansi pa za Chijeremani, m'kalasi munamveka "ohoo", ndipo namwino wina wachikulire anati nkhani ngati imeneyi pa lipoti la usiku ikhoza kuyambitsa mlandu.

Za *kein* pepalalo silinatchule n'komwe, ngati kuti Chijeremani chili ndi njira imodzi yokanira. Ndinawafunsa kuti bwanji ngati si piritsi lodziwika lija, koma simunampatse piritsi lililonse? Anayamba *nicht eine Tablette*. Ayi. Dzina likakhala ndi *ein* kapena likakhala lopanda kaliwu kalikonse patsogolo, limakanidwa ndi *kein*: *Ich habe dem Patienten keine Tablette gegeben.* Chimodzimodzi *Ich habe Zeit* amakhala *Ich habe keine Zeit*, ndipo *Ich habe einen Termin* amakhala *Ich habe keinen Termin*, pakuti *kein* amasintha mathero monga amachitira *ein* ndi *mein*. Dzina likakhala ndi *der*, *die*, *das*, kapena *mein*, kapena likakhala dzina la munthu, tibwerera kwa *nicht*: *Das ist nicht mein Patient.* Choncho funso loyamba si lakuti *nicht* akhale pati, koma lakuti patsogolo pa dzinalo pali chiyani. *Nicht eine* alipo ndithu, koma ndi wotsindika, ngati kunena kuti ngakhale limodzi lomwe, ndipo ndinawauza kuti amusiye kaye. Mtsikana wina wochenjera anafunsa chifukwa chimene timati *Ich spreche kein Deutsch* koma *Ich spreche nicht gut Deutsch*. Poyambapo tikukana chiyankhulocho, pachiwiripo tikukana *gut* yekha. Funso limeneli ndi limene linandisangalatsa sabata yonse.

Lachinayi ndinatenga pepalalo kupita nalo ku ofesi. Ndinapempha zinthu ziwiri: lichotsedwe m'makalasi onse, ndipo andipatse masiku owonjezera kuti obwerawo afanane ndi anzawo.

"Aphunzitsi, musakulitse nkhani," anatero bwana. "Bola akumveka. Mutu 9 uthe Lachisanu, anthu analipira kuti afike B1 pa nthawi yake."

Ndinawakumbutsa kuti mayeso a B1 a Goethe ali ndi magawo anayi, kuwerenga, kumvetsera, kulemba ndi kuyankhula, ndipo gawo lililonse limafuna mapointi 60 pa 100 palokha. Pa kuwerenga ndi kumvetsera, yankho nthawi zina limagona pa *nicht* mmodzi kapena pa *sondern* amene akubwera pambuyo. Ndipo awa ndi anamwino, ambiri adzafunika B2 kuti mapepala awo avomerezedwe kumeneko. Bwana anangoti taona, tikambirana. Amene analemba pepalalo sanatchulidwe, koma maonekedwe ake ndi a munthu amene anafika A1 n'kuima.

Mutu 9 sindinaumalize. Lachisanu lonse tinachita ziganizo za m'chipatala zokhazokha, wina kunena chovomera, mnzake kuchikana m'njira zitatu zija n'kufotokoza chimene chasintha. A m'kalasi yanga yakale anatopa nazo, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa izi anazidutsa kale. Mwa obwerawo, *gegeben nicht* wachepa pa zolemba, koma pakamwa akutulukabe akafulumira. Makina okopera mapepala alibe inki, ndiye pepala lokonzedwalo ndalilemba pamanja n'kulijambula pafoni kuti ligawidwe pagulu la kalasi. La ofesi lija likadali m'makalasi awiri a madzulo, amene si anga.