Bandulo ya mwezi inatha masiku anayi, mlamu wanga ali phee

Ine ndinali munthu wa bandulo ya tsiku, m'mawa uliwonse ndigule kakang'ono, madzulo katha, mawa ndigulenso. Tsiku lina ndinakhala pansi ndikuwerengera ndalama zomwe ndimataya pamwezi ndi timabandulo timeneti, mutu unandizungulira. Ndinati basi ndakula, ndigula ya mwezi ngati mabwana. Ndinagula ya 6GB, masiku 30, ndipo masamu ndinachita bwinobwino, 6GB ndi pafupifupi 6000MB, kugawa ndi 30 ndi 200MB patsiku. Ndinkayenda ndi foni m'manja ngati ndagula galimoto.

Tsiku lachitatu kunabwera alamu anga kudzacheza. Atangokhala pansi anati, alamu, tandiyatsireni hotisipoti ndingoona meseji imodzi yokha. Meseji imodzi? Ine wa 6GB ndingakanize meseji imodzi? Ndinayatsa, pasiwedi ndinawalembera ndekha mwaulemu, tinayamba kucheza za mpira foni yawo ili pampando yagona chafufumimba ngati yosalakwa.

Chomwe sindinkadziwa nthawi imeneyo ndi ichi. Foni ikalumikizidwa ku hotisipoti ya munthu imatha kuganiza kuti yapeza Wi-Fi, ndiye zonse zomwe mwini wake anaziuza kuti zizidikira Wi-Fi zimadzuka nthawi imodzi. Ma apu awo omwe anakhala miyezi osapanga apudeti anayamba kudawuniloda, zithunzi ndi mavidiyo zinayamba kukwera pa intaneti kukasungidwa, zonsezo pa bandulo yanga. Iwo osadziwa, ine osadziwa, tikuseka. Foni yanga inatentha m'thumba ine nkumati mwina batire yakalamba.

Mawa lake masana ndinali ndi intavyu ya ntchito pa vidiyo kolo. Ndinati ndione kaye balansi, ndinayimba kodi ija ya nyenyezi ndi # kumapeto, inandionetsa mayunitsi omwe ndinasunga oyimbira, ndinati zili bwino. Apa ndi pomwe ndinapusa, chifukwa balansi ya mayunitsi ndi ina, ya data ndi ina. Ya data imakhala ndi kodi yake kapena pamenyu pake, ndipo imakuuza zinthu ziwiri, ma MB otsala ndi tsiku komanso ola lomwe bandulo ikutha. Ine ndinaona ndalama ndikutseka. Ndifufuzenso chani, si ndinagula ya mwezi dzana lomweli?

Intavyu inayamba bwino, malaya ositidwa pamwamba, pansi kabudula. Tili mkati foni inanjenjemera, meseji, ndinaikankhira kumbali osawerenga. Inabweranso ina, ndinakankhanso. Kenako abwana aja anafunsa kuti tiuzeni, mumatha bwanji kusamala chuma cha kampani? Ine ndinakonza kukhosi nkuyamba kuti bwana, ine ndine munthu amene ndimawerengera chilichonse ndisana... basi chithunzi chinaima. Nkhope yanga akuti inatsala pa sikirini pawo kukamwa kuli yasaa.

Ndinathamangira kuti ndiwaimbire pa kolo wamba, mawu aja nkundiuza kuti mulibe ndalama zokwanira. Bwanji, poti ndaona mayunitsi ola lapitali? Ndipomwe ndinatsegula ma meseji ndinakankha aja. Yoyamba inkati bandulo yatsala pang'ono, yachiwiri inkati yatha. Ndipo bandulo ikatha data ili choyatsa, pa laini yanga foni siimaima, imangolowa m'mayunitsi nkumadya pamtengo wopanda bandulo, umene ndi wokwera kwambiri pa MB iliyonse. Vidiyo kolo imadya ma MB angapo mphindi iliyonse, ndiye mayunitsi anga anapita ngati madzi pamchenga.  Ndinakhala pansi ndi malaya anga ositidwa aja.

Madzulo, mtima uli m'mwamba, ndinalumbira kuti za mwezi ndasiya, ndabwerera kwanga ku ya tsiku, ndipo ndinagula yaikulu ya 1GB cha m'ma 10 koloko usiku. Meseji yotsimikiza inabwera, ulendo uno ndinawerenga, ikuti itha 23:59 lero lomwe. Kani ma bandulo a tsiku si onse amene amakhala maola 24 kuchokera pomwe wagula, ena amafa pakati pausiku, ndipo zimalembedwa pomwepo usanavomere kugula, ine ndi amene ndinadina mwaukali. Ndinatsala ndi maola awiri ndi 1GB. Abale, ndinaonera zinthu usiku umenewo. Ndinaonera munthu akukonza injini ya sitima, ine njinga ndilibe. Tulo tikundigwira ndikudzitsina kuti ayi, ndalipira, ndimaliza. Inatha ndi nthawi ma MB 400 ndi kanthu ali momwemo.

M'mawa mwake ndinachita chomwe ndikanayamba nacho. Mu Settings muli malo olembedwa Data usage, mafoni ena amalemba mosiyanako pang'ono, pamene pamaoneka apu iliyonse ndi ma MB omwe yadya. Pamzere wa hotisipoti panali kupitirira 4GB, tsiku limodzi, alamu anga a meseji imodzi aja. Koma ndinaonanso zanga zomwe. Nditabwerera m'mbuyo mwezi wathawo ndinapeza kuti mkati mwa sabata ndimadya pafupifupi 100MB patsiku, poti ndimangolemba ma meseji, kumva ma voisi noti ndi kuona imelo, ndipo zolemba sizidya kanthu. Loweruka ndi Lamulungu ndi pomwe ndimalusa, mavidiyo a zigoli ndi timavidiyo toseketsa tija tongobwera tokha, mpaka 600MB kapena 700MB tsiku limodzi.

Ndiye ndinazindikira kuti ndine anthu awiri mufoni imodzi. Wa mkati mwa sabata akufuna 500MB masiku asanu, ameneyo ya sabata ya 1GB imamukwanira ndi kutsalako. Wa kumapeto kwa sabata ndimamugulira ya tsiku m'mawa ndithu kuti aidye yonse isanafe, ndipo ndikagula ndimaonanso balansi patapita kanthawi kuti ndidziwe ikutsika ndi iti, chifukwa ukakhala ndi ma bandulo awiri si iwe amene umasankha yoyamba kudyedwa. Ya mwezi sindikuinyoza, pa MB imodzi nthawi zambiri imatchipa kuposa ya sabata, ndipo munthu amene amadya mofanana tsiku lililonse komanso ali ndi mtima wokana alamu ake imamukhala bwino. Koma ikaphulika imaphulika yonse, umatsala masiku 26 ukuyang'ana kumwamba. Ya sabata ikatayika ndalira sabata imodzi basi.

Ndinaikanso malire mu Data usage momwemo, foni imandichenjeza ndikafika pa nambala yomwe ndinaika ndipo ikadutsa malire imazimitsa yokha data isanakhudze mayunitsi.

Alamu anabweranso sabata yatha. Asanakhale nkomwe pansi anati alamu, pasiwedi ija mwasintha? Foni yanga ikukana. Ndinati ayi alamu, netiweki ikuvuta masiku ano. Anagwedeza mutu nkunena kuti zoona, ndipotu tsiku lija inali yothamanga bwino, ma apu anga onse 47 anamaliza apudeti tisanamalize nkomwe kucheza.