Kombi ya malume ndi mpamba umene ukudyedwa mwakachetechete

Mawu akuti dipurisiyeshoni muno mu Harare aliyense amawadziwa, ngakhale amene sanapondeko m'kalasi ya akaunti. Wogulitsa tomato pa Mbare Musika akawamva amaganiza za ndalama yogwa mphamvu, poti ambiri akukumbukira za 2008, ndipo ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inabwera mu Epulo 2024, nayonso anthu amaiyang'ana ndi diso lomwelo. Wogulitsa magalimoto akawamva amaganiza za mtengo umene galimoto ingapeze pa msika lero. M'maphunziro amene ndikuchita madzulo ndikaweruka kuntchito, mawuwa akutanthauza chinthu chachitatu: kugawa ndalama imene unagulira katundu pa zaka zonse zimene katunduyo adzakugwirire ntchito. Za msika mulibemo m'pang'ono pomwe.

Ndinayesa tanthauzo limeneli pa kombi ya malume anga, minibasi yonyamula anthu imene imayenda pakati pa Mufakose ndi m'tauni. Manambala ndawasalaza kuti asavute kuwerengera. Anaigula madola 9,000 a ku America. Madola 5,000 anali awoawo, 4,000 anakongola. Tsiku limenelo buku la akaunti likanati katundu ndi 9,000, layabilite ndi 4,000, ekwite ndi 5,000. Layabilite ndi zonse zimene bizinesi iyenera kupereka kwa ena, ndipo ekwite ndi chotsala cha mwini wake ngongole zikachotsedwa. Kwathu timangoti mpamba, ndipo mawu amenewa ndi amene ndinagwiritsa ntchito polankhula ndi malumewo.

Kuti upeze dipurisiyeshoni umafunsa mafunso awiri. Kombiyi igwira ntchito zaka zingati isanatheretu? Nanga nthawi imeneyo idzagulitsidwa zingati? Malume anati misewu yathu ndi maenje akewa, zaka zinayi zakwana, ndipo chotsalacho munthu angadzachigule madola 1,000 kuti achotsemo masipeya. Ndiye kuti ndalama imene idzathere mu msewu ndi 8,000. Kugawa pa zaka zinayi, chaka chilichonse chikusenza 2,000, kapena pafupifupi 167 pa mwezi. Iyi ndi njira yogawa mofanana. Ilipo ina yochotsa gawo lomwelomwelo pa mtengo wotsala, imene imalemetsa zaka zoyamba n'kupepuza zomaliza, koma pa nkhani ya malume yoyambayi ikukwanira.

Iwo kawerengedwe kawo ndi ka m'thumba. Akalipira mafuta, dalaivala, kondakitala, za pa renki ndi kwa makaniko, pa mwezi amatsala ndi 600, pa chaka 7,200. M'chaka choyamba anabweza 1,500 ya ngongole ija ndi chiwongoladzanja cha 400. Zinatsala 5,300, ndipo zonse zinapita kunyumba: fizi ya ana, renti, ndi zina zimene anatumiza kumudzi ku Dedza. Kwa iwo phindu linali 5,300, ndipo sananame, ndalamazo anazigwiradi m'manja.

Buku likunena zina. Pa 7,200 paja timachotsa chiwongoladzanja cha 400 ndi dipurisiyeshoni ya 2,000, phindu n'kutsala 4,800. Taonani kuti 1,500 yobweza ngongole sitinaichotse. Imeneyo si ndalama yoyendetsera bizinesi, yangochepetsa layabilite kuchoka pa 4,000 kufika pa 2,500. Apa ndi pamene anzanga ambiri m'kalasi amapunthwa, chifukwa ndalama yotuluka m'thumba saiwerengera ngati yowonongedwa, pamene 2,000 imene palibe anaiona ikutuluka akuiwerengera. Koma n'zoona ndithu. Injini imene yayenda chaka chathunthu yadyeka, ngakhale palibe risiti yosonyeza kudyekako.

Tsono chaka chikatha kombi ija m'buku ili pa 7,000, ngongole ili pa 2,500, ekwite yatsika kufika pa 4,500. Malume anatenga 5,300 pamene bizinesi inapindula 4,800, ndipo 500 yapamwambayo inachoka ku mpamba. Nditawaonetsa anaseka. "Mphwanga, madola 500 pa chaka chonse ndiye ukundidzutsira m'mawa?" Ndinawayankha kuti, "Malume, chaka chino ngongole ndi imene yakutetezani." Ndalama yobweza ngongole ija inkawakakamiza kusiya kanthu m'bizinesi. Ngongole ikadzatha adzayamba kutengera kunyumba 7,200 yonse, pamene phindu lenileni lidzakhala 5,200, ndipo mpamba uzidzatsika ndi 2,000 chaka ndi chaka, pa nthawi yomweyo imene iwo adzamve ngati zinthu zayamba kuyenda bwino. Njira yodziwira ndi yosavuta: kumapeto kwa chaka chilichonse chotsani ngongole zonse pa katundu yense, muyerekeze ndi chaka chatha. Nambala ikamatsika pamene mwini wake akuti akupindula, ndiye kuti akudya mpamba.

Anali ndi mfundo yawo yomveka. Akuti mnzawo pa renki ya Copacabana anawauza kuti atha kuigula kombiyo madola 8,000 lero lomwe, ndiye 7,000 wa m'buku langa akuchokera kuti? Onse awiri ndi oona, kungoti akuyankha mafunso osiyana. Nambala ya m'buku ikunena gawo la mtengo wogulira limene silinagwiritsidwebe ntchito. Atati agulitsedi pa 8,000, buku lingalembe phindu la 1,000 pa kugulitsako, ndipo limenelo lingasonyeze kuti tinachotsa zambiri poyerekeza ndi mmene msika unaonera. Zaka zinayi zija ndi 1,000 uja ndi zongoyerekeza, ndipo malamulo a akaunti amafuna kuti uzizionanso chaka chilichonse. Ineyo ndikuona kuti kuyerekeza kophonya pang'ono n'kwabwino kusiyana ndi kulemba ziro, chifukwa ziro akunena kuti kombi sidzatha.

Chimene chinandivuta kuwafotokozera n'chakuti dipurisiyeshoni si ndalama yosungidwa penapake. Kulemba 2,000 m'buku sikuika dola ngakhale imodzi mu envelopu. Kumangokuuza malire a zimene ungatenge osakhudza mpamba. Kusunga ndi chisankho china, cha munthu mwini, ndipo muno chili ndi vuto lakelake: kusunga m'ndalama imene ikugwa mphamvu ndiye kuti matanthauzo awiri a mawuwa, kugwa mphamvu kwa ndalama ndi kudyeka kwa kombi, akumana pa iwe nthawi imodzi. Ngakhale utasunga 8,000 yonse m'madola, palibe akukulonjeza kuti pakatha zaka zinayi kombi ina idzakhala pa mtengo wakale uja. Buku limabweza mtengo umene unagulira, osati umene udzagulire.

A ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, nawo salandira dipurisiyeshoni imene munthu wadziwerengera yekha. Powerengera msonkho imabwezeredwa pa phindu, kenako amachotsa zimene lamulo la msonkho limalola pa katundu wa mtundu umenewo. Zimenezi tidzaziphunzira temu yamawa.

Pamene tinkatseka kope, malume anatchula kuti azimayi a mvano a mpingo wawo apereka kale madola 200 kuti kombi idzawatengere ku msonkhano ku Mutare mwezi wamawa, ndipo anafuna kuti ndiwalembe pa phindu la mwezi uno. Ndinawalemba ku mbali ya layabilite. Mpaka azimayiwo atafika ku Mutare, malume ali nawo ngongole ya ulendo, ndipo kombi ikadzawonongeka ulendowo usanachitike, 200 imeneyo iyenera kubwerera kwa eni ake. Mafuta a ulendowo sanagulebe, koma ndalamayo anali atagulira kale matayala awiri.