Belu silinalire, ine n'kuda abale

Ndili ndi kachanelo ka zophikaphika pa YouTube. Anthu 280 anadina Subscribe, ndipo ndisaname, ambiri ndi achibale komanso anzanga a kwaya omwe ndinachita kuwalanda foni n'kuwadinira ndekha.

Loweruka lina ndinajambula kaphikidwe ka chigumu: nthochi zakupsa, mgaiwa, soda pang'ono, makala pansi ndi pa chivundikiro. Nditaiponya cha m'ma 10 m'mawa, ndinaona kuti foni yandilembera mutu wakuti "Kaphikidwe ka chigumula". Ndinafufuta vidiyo yonse n'kuponyanso, osadziwa kuti mutu umakonzeka pomwepo. Yachiwiri inatuluka chogona chammbali. Yachitatu inali bwino, kungoti chakumapeto ankamveka mayi a nyumba yoyandikana akukalipira mwana wawo ndi mawu osayenera pa chanelo cha munthu wa kwaya. Yachinayi, yeniyeniyo, inalowa madzulo, bando itatsala madontho.

Ndinadikira. Pofika m'mawa inali itaonedwa kasanu, katatu ndi ine ndemwe.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinakumana kwa azakhali, ine nkhope ili ndwii. Nsima isanafike ndinayamba mlandu. Ndinati m'banja muno muli kaduka, munthu akayamba kakekake mumam'yang'anira kumbali.

"Iwe, kuno sikunabwere kanthu," anatero azakhali, akundiponyera foni. "Ona wekha."

Mwana wa achemwali anga, wa Fomu 3, anailanda ndisanaigwire. Anatsegula chanelo changa n'kudina kabelu kali pambali pa mawu akuti Subscribed. Panatuluka All, Personalized ndi None, ndipo chosankhidwa chinali chapakaticho.

"Amalume, munthu akangodina Subscribe, belu limakhala pa Personalized lokha," anatero. Anafotokoza kuti pamenepo YouTube imachita kusankha zoti im'dziwitse munthu, poona zomwe amakonda kuonera, kuti chanelocho amachitsegula kangati, komanso ngati amadina zidziwitso zikabwera. Azakhali amaonera nyimbo za kwaya ndi mafilimu a ku Nigeria basi. Chanelo changa anachitsegula komaliza tsiku lomwe ndinawadinira, ndiye makinawo anaona kuti chigumu changa si nkhani yowadzutsira. Wofuna kumva za vidiyo iliyonse amayenera kusankha yekha All, ndipo mwini chanelo sangam'sankhire ali kwawo. Ine ndinkalanda mafoni a anthu n'kusiyira ntchito panjira.

Achemwali anati iwo belu lawo lili pa All, ndipo zinali zoona. Koma mwana wawo atalowa mu Settings ya foni, pa Apps, anapeza kuti Notifications za YouTube anazizimitsa kalekale, ati zinkawasokoneza pa maliro. Belu limalira ndithu, koma m'nyumba yotseka mawindo.

Ndinatembenukira kwa alamu anga, omwe ankadya mwakachetechete ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Awa belu lili pa All, foni yololeza zonse, bando sawasowa. Ndinati apa ndagwira mfiti.

"Alamu, foni yanga inalira katatu dzulo," anatero akutsuka m'manja. "Koyamba munandiitanira chigumula. Ndikudina, vidiyo palibe. Kachiwiri palibe. Kachitatu ndinaipeza, ndinamva ndithu zomwe ananena mayi aja, ndikuti ndiitane akazi anga adzamve nawo, yachoka. Kachinayi sikanabwere."

Mwana uja anaseka mpaka kutsamwa. YouTube imatumiza zidziwitso za mavidiyo atsopano zosaposa zitatu kuchokera ku chanelo chimodzi pa maola 24, ngakhale kwa munthu wa All. Zitatu zangazo ndinazithera pa chigumula, vidiyo yogona ndi mkwiyo wa aneba. Kufufuta vidiyo sikubweza chidziwitso chomwe chapita kale. Yabwinoyo inalowa ngati wakuba, popanda womva.

Anandiphunzitsa kuti poponya ndizisankha kaye Unlisted, ndiionere mpaka kumapeto, ndikonze mutu, kenako ndisinthe kukhala Public, poti belu limalira pamenepo. Anandionetsanso kabokosi kobisala pansi pa Show more, ka "Publish to subscriptions feed and notify subscribers", kuti ndizionetsetsa kuti n'kochonga, apo ayi palibe amene adzamve ngakhale mmodzi.

Ndinapepesa pamaso pa onse, chipewa m'manja. Azakhali anandikhululuka, ndipo ndinawapempha kuti tsopano aike belu pa All. Anavala magalasi, anayang'anitsitsa foni, anadina mosamala ndi chala chamkombaphala, n'kuibweza m'chikwama.

Madzulo mwana uja ananditumizira uthenga: "Amalume, agogo anadina None."