Zomwe ndaphunzira pozindikira mbalame pa chithunzi: mlomo kaye, nthenga pambuyo

Masiku ano ndakhala ndikuphunzira kuzindikira mbalame pa zithunzi, ndipo chomwe chandilowa kwambiri mmutu nchakuti mtundu wa nthenga ndiomwe diso limathamangira koma siwoyambira. Yambani ndi mlomo. Mlomo umakuuzani banja la mbalameyo, kenako nthenga ndizomwe zimakuuzani kuti m'banjamo ndi ndani kwenikweni.

Nditenge chithunzi chimodzi chomwe ndakhala nacho nthawi yaitali. Kambalame kakang'ono kali pa kanthambi, msana wabuluu, kumimba kwa orenji, pakhosi poyera, timiyendo tofiira. Mlomo wake wowongoka, wosongoka, wonenepa kutsinde, ndipo ukauyeza ndi mutu wake womwe ukupeza kuti ukufanana kutalika kapena kuposerapo pang'ono. Kuyeza ndi mutu kumeneku nkofunika chifukwa pa chithunzi sungadziwe masentimita, ngakhale uchikulitse bwanji, koma mutu ndi mlomo zili pamodzi pompo nde zimayezana zokha. Mlomo ngati umenewo pa mutu waukulu, khosi lalifupi ndi kamchira kakafupi ndi wa banja la makingifisha basi, mbalame zija zodziwika ndi kugwira nsomba. Mbalame zoyamwa timadzi ta mmaluwa zimawalanso chonchi koma mlomo wawo ndi wowonda komanso wopindikira pansi, nde zagwa kale pamenepo.

Tsopano vuto ndiloti ku Afirika kuli makingifisha ang'onoang'ono awiri ofanana zedi, malakaiti (`Corythornis cristatus`) wa masentimita pafupifupi 13, ndi pigimi (`Ispidina picta`) wa pafupifupi 12. Onse akakula mlomo ndi wofiira, onse abuluu pamwamba orenji pansi, ndipo kusiyana kwa sentimita imodzi pa chithunzi sikungakuthandizeni olo pang'ono. Apa nde pofunika kusiya kufunsa kuti pali mtundu wanji, nkuyamba kufunsa kuti mtunduwo ukuthera pati.

Yang'anani pamwamba pa diso. Kwa malakaiti buluu wa pamutu amatsika mpaka kukhudza diso, palibe chodutsa pakati. Kwa pigimi buluuyo ndi kachigamba kapakati pa mutu, ndipo pakati pa buluuyo ndi diso pamadutsa mzere wa orenji ngati nsidze. Chinanso, pigimi amakhala ndi kamtundu ka pepo pambali pa mutu kuseri kwa diso, pomwe malakaiti pamenepo ndi orenji. Malakaiti alinso ndi tsumba la timizere takuda koma nthawi zambiri amaligoneka, nde kusalioneka sikutanthauza kuti palibe. Pa chithunzi changa chija buluu akufika pa diso penipeni, pepo palibe. Malakaiti.

Koma chomwe chinandipangitsa kukhala nacho nthawi ndi chakuti mlomo wa kambalame kameneka ndi wakuda, osati wofiira. Pali kingifisha wina wa mlomo wakuda, `Alcedo semitorquata`, wamkulupo, masentimita pafupifupi 18, nayenso wabuluu pamwamba. Nde munthu atha kulumphira kumeneko. Chomwe ndaphunzira nchakuti ana a malakaiti amayamba ndi mlomo wakuda, umadzafiira akamakula, ndipo nthenga zawo zimakhala zozilala kusiyana ndi akuluakulu. Nde wasiyanitsa bwanji? Masaya. Uja wamkuluyo masaya ake ndi abuluu ndipo buluuyo amatsikira mbali zonse ziwiri za chifuwa osakumana pakati, pomwe mwana wa malakaiti masaya ake ndi a orenji wodera. Wanga masaya ndi oderawo. Ndiye kuti kaumbidwe ka mlomo nkodalirika kuposa mtundu wake, poti mtundu umasintha ndi msinkhu.

Chithunzi nachonso chimanamiza ndithu. Buluu wa makingifisha si utoto womwe uli mu nthenga ayi, amabwera chifukwa cha momwe kuwala kumabwerera kukagunda timapangidwe ting'onoting'ono ta mkati mwa nthengazo, nde mbalame yomweyo padzuwa imaoneka buluu wowala, pamthunzi nkuoneka yoderako, ikatembenuka pang'ono nkukhala ngati yobiriwira. Nchifukwa chake ine sindikhulupiriranso kuti buluu uyu ndi wakuya kuposa uyo, ndimangoona malire ake. Dzuwa la kumadzulo limapakanso chikasu pa nthenga zoyera mpaka pakhosi nkuoneka ngati orenji. Ndipo mbalame ikayang'ana kamera mlomo umafupika, nde poyeza paja pamafunika chithunzi chapambali.

Malo amathandizako, malakaiti amakonda mmbali mwa madzi poti amadya tinsomba, pigimi amadya kwambiri tizilombo ndipo amapezeka mtchire kutali ndi madzi. Koma kanthambi ka pa chithunzi sikanena zambiri, nde izi ndimaziyika kumapeto. Ngati mutu wabisika ndi tsamba ndipo pamwamba pa diso sipakuoneka, ndimangolemba kuti kingifisha wamng'ono, malakaiti kapena pigimi, nkudikira chithunzi china choonetsa mutu chapambali.