Moni wa pakhomo la shopu, sabata ya Anakubala

Sabata yoyandikira 15 Okutobala kwa ife ogulitsa zitenje ku Limbe ndi sabata yotuluka thukuta, aliyense akufuna kansalu kokapatsa mayi ake pa Tsiku la Anakubala, dzuwa nalo likuswa mtengo. Ndiye abwana anasankha sabata yomweyi kutibweretsera mtsikana watsopano kuti ndimuphunzitse ntchito. Mwana wochangamuka bwino, masamu a chenji samuvuta, koma anachokera kogulitsa kaunjika kumsika, kuja ukangokhala chete kasitomala wapita kwa mnzako, ndiye pakamwa pake panali pozolowera kuitanira.

Lolemba mmawa analowa mayi wina, phazi limodzi likadali panja mtsikana uja wafika kale pakhomo, "Takulandirani mami, mukufuna chani, tili ndi zatsopano, bwerani muone izi," nsalu ili kale m'manja. Mayi aja anangoti "ayi ndikungoona," anazungulira kamodzi osagwira kanthu, basi ulendo. Wachiwiri chimodzimodzi. Pofika 10 koloko mtsikana uja anandifunsa kuti kodi anthu a kuno amangobwera kudzaona basi? Ndinamuuza kuti ayi, yankho limenelo ukuwapatsa ndiwe. Munthu ukamufunsa chomwe akufuna asanaone n'komwe zomwe zili m'shopu, alibe choyankha china, ndipo akangonena kuti ndikungoona wadzitsekera yekha, kenako amachita manyazi kubwereranso kwa iwe kudzafunsa mtengo.

Zomwe ndinamuonetsa tsiku limenelo ndi zomwe ine ndimachita. Munthu akamalowa, foni pansi, ngati unakhala imirira, koma usachoke pamalo pako kupita kukamutchingira khomo. Musiye ayende masitepe atatu kapena anayi, pajatu akuchokera padzuwa la Okutobala, m'shopu mwathu ndi mwamdima pang'ono, maso amafuna kaye azolowere ndipo ena amakhala akupukuta thukuta kapena kupinda ambulera. Akadzutsa mutu muyang'ane, mupatse moni wa nthawi yake, mwadzuka bwanji ngati ndi mmawa, mwaswera bwanji ngati ndi masana, ndipo dikira ayankhe. Apa ndi pomwe ambiri amalephera, amapereka moni uku akuthamangira kale ku zamalonda, munthu asanamalize "ndadzuka bwino kaya inu" iwo ayamba kutchula mitengo. Akakufunsa nawe yankha bwinobwino. Ukatero wonjezera chiganizo chimodzi chokha, "Khalani omasuka mayi, zatsopano zili mbali iyi, mukandifuna ndili pompano," kenako bwerera ku ntchito ya manja, kupinda nsalu kapena kukonza shelefu, pamalo poti akuona ndipo nawe ukumuona. Kwathu mlendo akafika sitiyamba ndi kumufunsa chomwe wadzera, timamulonjera kaye, nkhani amayamba yekha akapuma. M'shopu kusiyana kwake n'kwakuti zonsezi zimachitika mwachangu basi.

Lachiwiri vuto linasintha. Moni anaugwira bwino koma atamaliza ankayenda pambuyo pa kasitomala, iye akaima naye waima, akasuntha naye wasuntha. Anti ena anatembenuka n'kumufunsa kuti "Kodi mwanawe ukuona ngati ndikuba?" Mtsikana anazizidwa. Ndipo sikuti iye ankaganiza zakuba, ankangofuna akhale pafupi akafunidwa, koma munthu amene akutsatidwa samva choncho. Abwana athu nawonso amakonda kunena kuti muziwatsatira, katundu amasowa, ndipo zoona amasowa makamaka sabata ngati iyi, koma ine ndimaona kuti moni woyang'ana m'maso umagwira kale ntchito imeneyo. Wobwera ndi maganizo ena akadziwa kuti nkhope yake yaonedwa sachedwa kutuluka. Ukaima pakona ya kauntala pathu umaona mashelefu onse osasuntha phazi, palibe chifukwa chopumira munthu m'khosi.

Lachitatu ndi lomwe tinathera pa funso lenileni, loti nanga ubwerera liti kwa kasitomala uja wamusiya. Palibe wotchi apa, umaona manja ndi maso ake. Amene akungoyenda akudutsitsa dzanja pa nsalu zonse musiye. Amene waima pa nsalu imodzi, waigwira, wapita kwina, wabwereranso pa yomwe ija, ameneyo wakonzeka. Chimodzimodzi amene watembenuza nsalu kufunafuna mtengo, kapena wadzutsa mutu kuyang'ana uku ndi uku, kapena watulutsa foni n'kumayerekeza chithunzi ndi zomwe zili pa shelefu. Ukachedwa pamenepo ndiye wamutaya mbali inayo, amatuluka akunena kuti shopu ija anthu ake ndi amatama.

Cha m'ma 2 koloko kunalowa bambo wina wa tayi, nkhope yooneka kuti shopu ya zitenje si malo ake. Ndinamuuza mtsikana kuti uyu ndi wako, ine ndikuonera. Anapereka moni, "Mwaswera bwanji bambo," bambo anayankha, iye n'kunena kuti ali pompo akafunidwa, n'kubwerera kukapinda nsalu. Ndinaona milomo yake ikuyabwa koma anapirira. Bambo aja anayenda mpaka kumapeto, anabwerera, anaima pa chitenje china chabuluu cha maluwa ang'onoang'ono, anachigwira ndi zala ziwiri ngati chiwaluma, n'kuyang'ana ku kauntala. Mtsikana anapita, osaima kutsogolo kwawo koma chammbali, kusiya mpata woti munthu atha kudutsa pakati, ndipo sanafunse kuti mugula? Ananena za nsaluyo, "Imeneyo ndi yokhuthala bambo, ya kotoni, amayi akuluakulu amaikonda." Bambo anamasuka pomwepo, akuti ndi ya mayi anga kumudzi ku Thyolo koma sindidziwa kuti amagula yaitali bwanji. Apo tsopano mafunso ndi ololedwa chifukwa nkhani wayamba ndi mwini wake. Anawafunsa ngati ndi yongomanga m'chiuno kapena yokasoketsa, n'kuwafotokozera kuti yomanga ndi mamita 2, koma ngati akufuna akapite nayo kwa telala atengeko mamita 4 kuti bulauzi ndi siketi zituluke. Anatenga mamita 4, kenako okha anakumbukira apongozi, n'kuwonjezera ina ya mamita 2, analipira pa Airtel Money. Akanawalandira ndi "mukufuna chani" pakhomo paja ndikukhulupirira akanathawa, azibambo ambiri amalowa muno ali kale ndi manyazi.

Nkhani ya kaitanidwe inatitengeranso nthawi tsiku lomwelo. Kumsika aliyense ndi mami, bigi, bwana wanga, ndipo kumeneko zimayenda. Muno ine ndimati munthu wamkulu ndi mayi kapena bambo, wamsinkhu wako ndi asisi kapena achimwene, ndipo agogo usathamangire, alipo azimayi a imvi amene ukawatchula agogo nkhope imagwa nthawi yomweyo. Mtsikana wa ku koleji ukamuti mayi nayenso amakuyang'ana moipa. Ukakayika ingopereka moni wa ulemu wopanda dzina, "mwaswera bwanji" payekha sanalakwirepo munthu. Ndipo "iwe" ayi, ngakhale kwa mwana wa sukulu amene watumidwa, ndalama ili m'thumba mwakeyo ndi ya mayi ake ndipo akafika kunyumba amakanena momwe anamulandirira.

Lachinayi kunali phee mmawa wonse, tinangowerenga sitoko. Chokhacho, kunalowa azimayi atatu opanda phokoso, maso ofiira, mipango kumutu. Mtsikana anali atayamba kale kumwetulira kwa Anakubala kuja, ndinamugwira mkono n'kupita ndekha. Anthu otere moni wake ndi wa mawu otsika, ndipo atangonena kuti akufuna nsalu za pamaliro ndinati pepani, ndinawapatsa benchi, n'kutulutsa zomwe anafuna osawonjezera zoti onaninso izi zangofika kumene. Kumwetulira kumodzimodzi kwa aliyense wolowa kumaoneka kuti n'koloweza, uyambe waona nkhope ya munthu.

Lachisanu ndiye kunali chipwirikiti, anthu mpaka pakhomo, ndipo zonse zija za masitepe anayi ndi kudikira sizitheka bwino shopu ikadzaza. Chomwe chimatsala ndi chaching'ono koma osachisiya. Uli pakati podula nsalu ya wina, walowa wina, dzutsa mutu, "Takuonani mayi, ndimalize apa ndikubwera," n'kubwerera kwa amene uli naye. Osasiya sizasi pakati pa nsalu kuthamangira watsopano chifukwa wavala bwino kapena watsika m'galimoto, amene unali naye amaona ndipo sabweranso. Munthu amene wauzidwa kuti waonedwa amadikira ndithu, amene sanalankhulidwe amaima pang'ono n'kupita shopu yoyandikana nayo, pajatu mzere wathu zitenje zili khomo lililonse.

Masana ake kunabwera gulu la azimayi asanu a komiti ya ukwati kudzafuna yunifolomu. Mtsikana analunjika kwa amene anali ndi chikwama chachikulu ndi mawigi, poganiza kuti ndalama zili pamenepo. Ndinalowererapo n'kuyamba ndi mayi wamkulu amene anali kumbuyo, wa patapata ndi chitenje chakutha, kenako ena onse mmodzimmodzi. Gulu umayamba ndi wamkulu ndipo sudumpha munthu, ngakhale zikutengere nthawi. Anakambirana okhaokha kwa kanthawi ife tili patali, ndipo pomaliza amene ananena kuti titenge iyi, n'kumasula ndalama pa nsonga ya chitenje, anali mayi wamkulu yemwe uja. Anasiya ya dipoziti, nsalu yotsala adzatenga sabata ya mawa tikaitanitsa.

Loweruka timatseka masana. Ndinamusiya yekha kutsogolo mmawa wonse ine ndili pa kauntala. "Ndikungoona" anamvekabe kangapo, ena amabweradi kudzangoona ndipo ameneyo umamuyankha kuti "onani bwino mayi, palibe vuto," potuluka n'kumuuza kuti apite bwino ngati wagula, chifukwa ambiri amayamba azungulira mashopu onse kufananiza mitengo n'kubwerera komwe sanawakwinyire nkhope. Chomwe sichinatheretu ndi liwu, akasangalala limakwerabe ngati ali pa bero la kaunjika, moti mayi wina anadzidzimuka n'kugwetsa ambulera. Ndamuuza kuti Lolemba tiyambira pamenepo, komanso abwana akufuna ndimuonetse kudula nsalu mowongoka, mamita 2 ake akumatuluka opendama.