Ndinkafuna pepala lolerera mwana wa achemwali anga, ndinatsala pang'ono kulanda bambo ake mwana

Lachisanu lapitali ndi pomwe ndinapuma. Miyezi inayi ndikuyenda ndi envulopu ya khaki m'chikwama mpaka inachita kuthetheka m'mbali. Ndikulemba izi chifukwa mwezi wathunthu mwa miyezi imeneyi unangopita pachabe, kaamba ka mawu amodzi omwe munthu wina anandiuza ali pa desiki osandiyang'ana n'komwe.

Achemwali anga anamwalira chaka chatha, kusiya mtsikana wa zaka 9. Pa tsiku losesa, amalume monga mwini mbumba anati mwanayu apite ndi ine ku Chilobwe. Panalibe wotsutsa. Kwathu mwana wa mchemwali wako ndi mwana wako, ndipo iye wakhala akundiitana kuti amayi aang'ono chiyambire kuyankhula. Bambo ake ali moyo, ali ku Joni, amatumiza kangachepe akapeza.

Vuto linayamba mwanayu atadwala malungo, ine n'kufuna kumulembetsa pa inshulansi ya chipatala ya kuntchito kwathu. Kalaliki wa kumeneko anangoti, "Ameneyu si wanu mayi, bweretsani mapepala a adopushoni." Basi. Ine ndinatenga mawuwo ngati lamulo. Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi, n'kupita kwa loya m'tauni, n'kulipira ndalama yongoonana naye yomwe ikanagula thumba la chimanga n'kutsalako ya chigayo. Mpaka lero ndalama imeneyo imandiwawa. Komabe ndi loyayo amene ananditsegula maso, chifukwa anandifunsa kuti, "Mayi, kodi bambo a mwanayu avomera kuti asakhalenso bambo ake?"

Thupi lonse linachita tsembwe. Ine sindinaganizepo zimenezo.

Adopushoni ndi nkhani ya kukhoti, ndipo kuno ku Blantyre anthu amapita nayo ku bwalo lalikulu la milandu ku Chichiri. Woweruza akagamula, udindo ndi mphamvu zonse za makolo obereka zimatha, zimasamukira kwa iwe, ndipo si chinthu choti mawa mukayambana pabanja n'kubweza. Kholo lomwe lili moyo liyenera kuvomereza, pokhapokha khoti litaona chifukwa chomveka, monga ngati linamutaya mwanayo kapena silikupezeka. Khoti limasankhanso munthu woimira mwanayo pa mlanduwo, kawirikawiri wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kuti afufuze ndi kulemba lipoti. Wopempha ayenera kukhala wa zaka 25 kapena kuposa, komanso kumuposa mwanayo ndi zaka 21, ngakhale pa wachibale khoti likhoza kufewetsa za kusiyana zakazo. Ine zaka ndinali nazo. Koma kukawauza alamu anga pa foni kuti sainirani mwana asakhalenso wanu, pomwe munthuyo sanamukane mwana wake, zikanabutsa nkhondo pakati pa mabanja awiri. Agogo ake a kuchimuna akanati tagulitsa mwana.

Kulera ndi kwina. Kuli m'lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, ndipo khomo lake ndi ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, omwe ambiri timangoti a sosho. Mwana amakhala m'manja mwako, umamudyetsa, kumuveka, kumuphunzitsa ngati kholo, koma bambo ake amakhalabe bambo ake, dzina lake silisintha, ndipo zinthu zikasintha akhoza kubwerera kwa kholo lake. Ndiye musanakwere minibasi iliyonse, funsani amene akufuna pepalayo kuti akufuna umboni wa chiyani kwenikweni. Akulembereni papepala. Anthu ambiri a m'maofesi amangoti adopushoni pa chilichonse chokhudza mwana yemwe sunabereke.

Kwa a sosho ndinapita ndi chitupa changa cha unzika, chiphaso cha imfa ya achemwali, kalata ya amfumu, ndi kalata ya bambo a mwana yovomera kuti akhale ndi ine. Ndaiwala kunena za chiphaso cha kubadwa cha mwanayu, chomwe chinandidyera masabata. Achemwali sanamutengere. Tinali ndi kabuku ka kusikelo kokha, kong'ambika chikuto, kothimbirira ndi mafuta, koma ndi komweko kanatithandiza polembetsa ku NRB, ofesi ya boma yopereka zitupa za unzika ndi za kubadwa, chifukwa tsiku lobadwa ndi dzina la mayi zinalimo. Kabuku kameneko musataye pogawa zovala za malemu. Ife tinakapeza pansi pa sutikesi yomwe inali itapita kale kwa azakhali.

Tsiku lomwe ndinalira ndi la kalata ya amfumu. Ndinapita kumudzi ku Chiradzulu Loweruka, amfumu analemba bwinobwino kuti banja linagwirizana. Lolemba ndinakhala pa benchi pa ofesi ina, yomwe sinditchula, kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kupendeka, osadya, mwana ndamusiya kwa aneba. Nditafika kutsogolo anayang'ana kalatayo n'kuti chidindo sichikuoneka bwino, ndibwerere. Inki ya amfumu inali itauma, chidindocho chinangotuluka theka. Munthu amene ankatiyika pa mzere m'mawa anaigwira kalata yomweyo m'manja mwake, akanatha kundiuza nthawi yomweyo. Ulendo wina wa ku Chiradzulu, thiransipoti ina, tsiku lina lodulidwa kuntchito. Ulendo wachiwiriwo ndinagula ndekha inki ku Limbe n'kupita nayo.

Kenaka mayi wa ku sosho anabwera kunyumba. Ndinkaopa kuti adzayang'ana mipando, koma ayi. Anafuna kuona pomwe mwana amagona, amagona ndi ndani, ngati pali neti, amaphunzira kuti, ndiponso ngati bambo a kunyumba kuno akugwirizana nazo. Kenaka anapempha kuti acheze ndi mwanayo pawiri. Anakhala pakhonde, mwana akusewera ndi chingwe cha nsapato, ine ndili kukhitchini mtima uli m'mwamba. Pambuyo pake ndinasainira kuti ndidzamusamala ngati wanga, ndipo anandiuza kuti azibwera kudzamuona, komanso ndikasamuka nyumba ndiwadziwitse. Anandiuzanso mosabisa kuti pepala la kulera silindipatsa mphamvu zonse. Za pasipoti kapena kutuluka naye m'dziko, mawu a bambo ake akufunikabe, ndipo ngati ndikufuna mphamvu yoposa apa popanda kuwachotsa bambowo, pali njira yopempha khoti kuti lindiike kukhala womuyang'anira mwalamulo.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi cha chuma cha masiye, chomwe loya uja anandichenjeza. M'lamulo la 2011 la chuma cha masiye, mwana wa adopushoni amawerengedwa ngati mwana wobereka. Mwana wongoleredwa sali pa mzere umenewo. Ndikafa lero popanda wilo, ana anga awiri ndi olowa m'chuma mwachindunji, pomwe uyu angaganiziridwe ngati munthu amene ndinkamusamala ndi kumulipirira sukulu, ndipo pafunika wina womuyankhulira. Ine ndawaona maliro a m'tauni muno mmene amathera, katundu akamakwezedwa pa lole. Choncho mwezi uno ndikulemba wilo, dzina lake likhalemo, ndipo malisiti a sukulu ndikusunga mu envulopu ina.

Nditabwerera kuntchito ndi kalata ya a sosho, abwana a kalaliki uja anaiwerenga n'kunena kuti imeneyi ndi yokwana, ankangofuna umboni woti mwanayo ali m'manja mwanga movomerezeka. Ndikanafunsa tsiku loyamba lija kuti andilembere chomwe akufuna, ndalama ya loya ndi mwezi wonse uja zikanapulumuka. Inshulansi ya kwanu mwina ili ndi malamulo ena, ndiye funsani, akulembereni. Khadi la mwanayu latuluka Lachisanu, lili ndi dzina la bambo ake, ndipo ndawatumizira chithunzi chake ku Joni.